Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zaumoyo: amayi odwala endometiriyosisi akuchedwa kupeza thandizo limene lili kale m'zipatala zathu

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu mu Undunawu, ndi inu nonse amene mumayendetsa zipatala ndi sukulu zophunzitsa ogwira ntchito zaumoyo,

Ndine namwino komanso mzamba wogwira ntchito muno mu Lilongwe, ndipo ndalemba kalatayi pofuna kudandaulira amayi ndi atsikana amene akudwala matenda a endometiriyosisi, amene ambiri a iwo amayenda m'zipatala zaka zambiri popanda wowauza dzina la chimene chikuwavuta. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse limanena kuti matendawa amagwira pafupifupi mayi 1 mwa amayi 10 alionse a msinkhu wobereka, kutanthauza anthu pafupifupi 190 miliyoni pa dziko lonse lapansi. Pempho langa ndi lakuti Unduna ulamule kuti matendawa aziganiziridwa ndi kuyamba kuthandizidwa pa chipatala chaching'ono pomwe mayi wafikira, chifukwa gawo lalikulu la mankhwala ofunikawo lili kale m'mashelefu athu, koma timaligwiritsa ntchito ya kulera yokha. Kuti pempholi limveke, ndiyenera kufotokoza mmene matendawa amagwirira ntchito m'thupi, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona zolakwika zathu zambiri.

M'kati mwa chiberekero muli minofu imene imakhuthala mwezi ndi mwezi pokonzekera pathupi, ndipo pathupi pakapanda kubwera imasweka n'kutuluka ngati msambo. Mwa mayi wodwala endometiriyosisi, minofu yofanana ndi imeneyi imamera kunja kwa chiberekero. Kawirikawiri imapezeka pa kachikopa kopyapyala kamene kamakuta m'kati mwa chinena, pa matumba a mazira, pa mitsempha yogwira chiberekero kumbuyo kwake, ndi pa malo a pakati pa chiberekero ndi thumbo lotulutsa chimbudzi. Dokotala wa ku America, John Sampson, anafotokoza mu 1927 kuti magazi ena a msambo amabwerera m'mbuyo kudzera m'machubu a mazira n'kukagwera m'mimba, ndipo tinyenyeswa ta minofuyo timamera pomwe tagwera. Kubwerera kwa magaziku kumachitika mwa amayi ambiri, koma odwala ndi ochepa, ndiye chifukwa chake akatswiri amaloza ku chitetezo cha thupi chimene chimalephera kuchotsa tinyenyeswato, komanso ku mtundu, pakuti mwana wa mayi amene anadwalapo matendawa amakhala pachiopsezo chokulirapo. Matendawa satengedwa pogonana ndipo sapatsirana.

Timinofu tomera pamalo olakwikati timakula ndi homoni ya esitirojeni, ndipo tokha timatha kupanga esitirojeni yowonjezera. Mwezi uliwonse timatupa ndi kukha magazi pang'ono, koma magaziwo alibe potulukira. Thupi limayankha ndi kutupa kosatha, ndipo limatulutsa timadzi totchedwa pulositagilandini timene timafinyitsa chiberekero mwamphamvu ndi kudzutsa mitsempha ya ululu. Umu ndi mmene cham'mimba cha amayiwa chimasiyanirana ndi cha anzawo: chimayamba masiku angapo msambo usanafike, chimapitirira msambo utatha, chimatsikira kumsana ndi m'ntchafu, ndipo chimakula chaka ndi chaka m'malo mochepa. Kutupa kukabwerezabwereza kumasiya zipsera zimene zimamata ziwalo, moti pa opaleshoni munthu amapeza thumba la mazira, chubu, thumbo ndi chiberekero zitagwirana ngati zapakidwa ulimbo. Timinofu tikalowa mozama kumbuyo kwa chiberekero, mayi amamva kulasa m'kati akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, ndipo pochita chimbudzi pa nthawi ya msambo amalira misozi. Tikagwira chikhodzodzo, amamva kuwawa pokodza pa masiku omwewo.

Pali chinthu china chimene chimapangitsa kuchedwa kukhala koopsa. Mitsempha yatsopano ya ululu imamera m'timinofuti, ndipo ululu ukakhala zaka zambiri osathandizidwa, msana ndi ubongo zimazolowera kuukweza, minofu ya m'chiuno nayo imakungika. Zikafika pamenepa, mayi amamva kuwawa ngakhale masiku amene sali kumwezi, ndipo ngakhale dokotala atachotsa timinofu tonse, ululu wina umatsalabe. Kukula kwa ululu sikuyenderananso ndi kuchuluka kwa matenda amene aoneka. Madokotala amawagawa m'magawo 4 malinga ndi mmene afalikira, koma mtsikana wa pa gawo loyamba amatha kukomoka ndi ululu pamene mayi wa pa gawo la 4 amangodziwika chifukwa chosowa mwana. Wogwira ntchito amene sakudziwa zimenezi amafulumira kunena kuti wodwalayo akukokomeza.

Za kusabereka, kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti mwa amayi amene akuvutika kutenga pathupi, pakati pa 25 ndi 50 mwa 100 alionse amapezeka ndi endometiriyosisi. Njira zake ndi zingapo. Zipsera zimapinda chubu kapena kuikokera kutali ndi thumba la mazira, moti dzira likatuluka silitoledwa. Madzi a m'chinena amene ali ndi kutupa amafooketsa umuna ndi dzira lomwe. M'thumba la mazira mumatha kumera chotupa chodzaza magazi akale, okhuthala ndi oderako, chimene madokotala amachitcha endometiriyoma, ndipo chotupachi chimawononga mazira oyandikana nacho. Chifukwa china sitichitchula kawirikawiri chifukwa cha manyazi: banja limene mkazi amamva kuwawa pogonana limakhala malo amodzi mwa apo ndi apo, ndipo masiku oyenera amadutsa. Komabe ndi bwino kunena momveka kuti amayi ambiri odwala matendawa amabereka popanda thandizo lapadera, choncho dzina la matendawa lisasanduke chiweruzo chakuti munthu ndi chumba.

Ngakhale m'mayiko olemera, kafukufuku amapeza kuti pamadutsa zaka 7 kapena kuposerapo kuchokera pamene zizindikiro zayamba kufikira pamene matendawa adziwika. Zina mwa zifukwa zimayambira kunyumba. Mtsikana akatha msinkhu amalangizidwa kuti za kumwezi sizikambidwa pagulu ndipo kuwawa ndi gawo la ukazi, tsono akamagubuduzika pamphasa, amayi ake ndi azakhali amamuuza kuti cham'mimba chimatha munthu akabereka. Mawu amenewa amanenedwa mwachikondi, koma kwa mtsikana wodwala endometiriyosisi ndi osokeretsa, chifukwa pathupi pamangoziziritsa zizindikiro kwa kanthawi, ndipo msambo ukabwerera nthawi zambiri nazonso zimabwerera. Zifukwa zina zili m'mbiri ya zachipatala. Kwa zaka zambiri mabuku ankaphunzitsa kuti matendawa ndi a azungu opeza bwino amene amachedwa kubereka, ndipo mkazi wakuda wodandaula kuwawa kwa m'chinena ankangoganiziridwa matenda opatsirana pogonana. Chiphunzitso chimenecho chinatsutsidwa kale, koma zotsalira zake zikuonekabe m'kagwiridwe kathu ka ntchito.

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene Unduna ungasinthe zinthu mosavuta. M'zipatala zathu matenda opatsirana pogonana timawathandiza potsata zizindikiro, popanda kudikira zoyeza za mu labotale, ndipo njira imeneyi yapulumutsa amayi ambiri. Mayi wogonana amene wabwera ndi kuwawa kwa m'munsi mwa mimba, ndipo akumva kuwawa poyezedwa khomo la chiberekero, amapatsidwa jakisoni, dokisisaikilini ndi fulajilo, komanso amauzidwa kuti abwere ndi mwamuna wake kuti nayenso alandire mankhwala. Kuchita zimenezi ulendo woyamba ndi koyenera, chifukwa matenda a m'machubu akasiyidwa amatseka njira za mazira. Vuto ndi lakuti endometiriyosisi nayo imapweteka pamalo omwewo poyeza, ndipo njira yathu ilibe potulukira kwa mayi amene mankhwalawo sanamuthandize. Amabwerera mwezi wotsatira, amakumana ndi wogwira ntchito wina, ndipo amalembedwa mankhwala omwewo.

Lolani ndipereke chitsanzo cha mmene nkhani yotere imayendera, pophatikiza zimene timaziona kawirikawiri. Mayi wa zaka 27, wogulitsa kaunjika mumsika, wakhala pabanja zaka 3 popanda pathupi. Munthu akatsegula buku lake la kuchipatala amaona masamba otsatizana olembedwa ndi manja osiyanasiyana, tsamba lililonse lili ndi dandaulo lofanana ndi mankhwala ofanana, ndipo pa tsamba lina pali zotsatira za sikani zonena kuti zonse zili bwino. Palibe tsamba limene linalemba tsiku la msambo pafupi ndi tsiku la ululu. Mwamuna wake waitanidwa kudzamwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana kangapo, aliyense akuganizira mnzake kuti akuyenda njira, nkhani yafika kwa ankhoswe, ndipo apongozi ayamba kale kulankhula zopita kwa asing'anga. Akafunsidwa modekha, mayiyu amanena kuti kuwawaku kunayamba ali ku sekondale, kuti ankajomba kusukulu masiku 2 kapena 3 mwezi uliwonse, kuti sanayambe watentha thupi kapena kutuluka chikazi chonunkha, ndiponso kuti pa masiku a msambo amaopa kupita kuchimbudzi. Mayankho amenewa amatenga mphindi zochepa kuwapeza, ndipo akuloza ku endometiriyosisi kuposa ku matenda a tizilombo.

Kusiyanitsa kwake sikovuta kuphunzitsa. Matenda a m'machubu obwera ndi tizilombo nthawi zambiri amayamba posachedwa, amatha kubwera ndi kutentha thupi kapena chikazi chachilendo, ndipo amayamba kusintha mkati mwa masiku 3 munthu akayamba mankhwala oyenera. Endometiriyosisi imakhala ndi mbiri ya miyezi kapena zaka, imatsata kalendala ya msambo, ndipo maantibayotiki saikhudza. Poyeza ndi zala, nthawi zina chiberekero chimapezeka chitagonera kumbuyo ndipo sichisuntha, kapena kumbuyo kwa khomo lake kumamveka timibulu topweteka. Wogwira ntchito ayeneranso kukumbukira zotupa za m'chiberekero, pathupi pomera m'chubu, ndi likodzo la kumaliseche kwa mayi amene anakulira m'mbali mwa nyanja kapena m'madambo. Palinso chizindikiro chimene azamba tiyenera kuchidziwa bwino: kachotupa ka pachipsera cha opaleshoni yobereketsa kamene kamakula ndi kupweteka pa nthawi ya msambo yokha. Kameneko kawirikawiri ndi endometiriyosisi ya pachipsera, ndipo kamachotsedwa ndi opaleshoni.

Sikani ya pamimba imene ambiri amajambulidwa siona timinofu tating'ono ta pamwamba, choncho zotsatira zabwino sizitanthauza kuti matenda palibe. Mayi akauzidwa kuti sikani yatuluka bwino ndiye alibe vuto, amabwerera kunyumba ataweruzidwa kuti ndi waulesi kapena wabodza. Sikani yodzera kumaliseche, ikakhala m'manja mwa munthu wophunzitsidwa, imaonetsa endometiriyoma mosavuta, imaonetsa matumba a mazira amene amatana kumbuyo kwa chiberekero, ndiponso ngati chiberekero chikutsetsereka pa thumbo kapena chagwidwa. Kale ankati matendawa sangatsimikizidwe popanda laparosikopi, ndiye kuti opaleshoni yolowetsa kamera kudzera pa kabowo ka pamchombo. Mu 2022 bungwe la ku Ulaya la akatswiri a zaubereki, ESHRE, linasintha malangizo ake, ndipo tsopano limavomereza kuti wodwala ayambe mankhwala potengera mbiri yake, kuyeza ndi sikani, ndipo laparosikopi isungidwire amene mankhwala sanawathandize kapena amene pali chifukwa china chowachitira opaleshoni. Kwa dziko ngati lathu kusintha kumeneku ndi kwakukulu, chifukwa kukutanthauza kuti mayi wa kwa Kabudula kapena ku Mitundu sayenera kudikira mzere wa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu kuti ayambe kupeza mpumulo.

Matendawa akaganiziridwa, funso limene limatsegula njira ya thandizo ndi limodzi: kodi mayiyu akufuna pathupi panopa? Mankhwala a mahomoni ndi opaleshoni sizipikisana, chilichonse chili ndi ntchito yake, ndipo yankho la funsoli ndi limene limasankha choyambira.

Kwa mtsikana wa pasukulu, kapena mayi amene sakufuna pathupi pakali pano, choyamba ndi mankhwala ochepetsa ululu ndi a mahomoni. Bufeni amagwira bwino kuposa panado chifukwa amaletsa kupangidwa kwa pulositagilandini, koma amafunika kuyambidwa tsiku limodzi msambo usanafike kapena ululu ukangoyamba, mamiligalamu 400 katatu pa tsiku atadya, ndipo si wa anthu a zilonda za m'mimba kapena matenda a impso. Ambiri amamwa m'bulu umodzi ululu utafika kale pachimake n'kunena kuti sagwira. Mankhwala a mahomoni amaletsa dzira kutuluka, amatsitsa mphamvu ya esitirojeni pa timinofu tija, ndipo amachepetsa kapena kuimitsa msambo. Mapiritsi olera a mahomoni awiri amene timagawa amakhala 28 pa paketi, 21 a mahomoni ndi 7 opanda mahomoni. Pothandiza endometiriyosisi, mayi angathe kudumpha 7 aja n'kuyamba paketi ina nthawi yomweyo, kuti asasambe miyezi ingapo. Magazi akayamba kudontha kwa masiku angapo, ndipo wamwa kale mapiritsi a mahomoni masiku osachepera 21, amapuma masiku 4 n'kuyambiranso. Mapiritsiwa saperekedwa kwa wodwala kuthamanga kwa magazi, amene anaundanapo magazi m'mitsempha, wosuta fodya wa zaka 35 kapena kuposerapo, ndi wodwala mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kusokonezeka kwa maso.

Amene mapiritsiwa sawayenera angathandizidwe ndi mankhwala a homoni imodzi, ya mtundu wa pulojesiteroni. Jakisoni wa depo wa miyezi 3 iliyonse amachepetsa ululu wa matendawa, ngakhale kuti amafooketsa mafupa pang'ono akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, ndipo mayi akamusiya pamatha miyezi yambiri, nthawi zina chaka, asanayambenso kutulutsa mazira. Pa chifukwa chimenechi si wabwino kwa amene akufuna pathupi chaka chamawa. Kachubu ka pamkono nako kamathandiza ena. Lupu ya mahomoni imachepetsa magazi ndi ululu kwa zaka zingapo, koma lupu ya kopa, imene ilibe mahomoni, imatha kuwonjezera zonse ziwiri, ndipo kuika yolakwika mwa mayi wotere ndi kumuwonjezera mavuto. Palinso mapiritsi a noretisiteroni ndi dayenojesiti, ndi majakisoni amphamvu amene amagoneka matumba a mazira ngati mayi wasiya kusamba, koma majakisoni amenewa ndi okwera mtengo, amadya mafupa, ndipo sapitirira miyezi 6 popanda mahomoni ena otetezera, choncho malo ake ndi kwa dokotala wa amayi. Mankhwala alionse mwa awa ayesedwe miyezi 3 mpaka 6, mayi akulemba masiku a ululu pa kalendala, ndipo akapanda kusintha atumizidwe patsogolo. Tiyeneranso kumuuza chilungamo kuti mahomoni amagoneka matendawa koma sawachotsa, ndipo akasiya, ululu nthawi zambiri umabwerera.

Olemekezeka, mankhwala ambiri amene ndatchulawa ali m'chipinda cha zakulera, amalembedwa m'kaundula wa zakulera, ndipo anthu amawadziwa ngati oletsa kubereka basi. Mtsikana wa Fomu 2 amene akujomba mayeso chifukwa cha cham'mimba sangakhale pa benchi ya amayi olera popanda kunenedwa m'dera lonse, ndipo makolo ake akapeza paketi m'chikwama chake amaganiza kuti wayamba zibwenzi. Ambiri amakhulupiriranso kuti msambo ukaima ndiye kuti magazi akuunjikana m'mimba, kapena kuti mapiritsi amatseka mimba mpaka kalekale, pamene zoona zake n'zakuti minofu ya m'chiberekero imangopyapyala ndipo palibe chimene chimaunjikana. Ndikupempha kuti mankhwalawa azilembedwanso m'chipinda cha odwala wamba ngati mankhwala a ululu wa msambo, azitengedwa ku famase ngati ena onse, ndipo wogwira ntchito aphunzitsidwe kufotokozera mtsikanayo pamodzi ndi kholo lake chifukwa chimene akuperekedwera.

Kwa mayi wa zaka 27 uja nkhani ndi yosiyana, chifukwa iye akufuna mwana. Mahomoni onsewa amaletsa pathupi pa nthawi imene akumwedwa, ndipo umboni ukusonyeza kuti kumwa kwa miyezi ingapo n'kusiya sikuwonjezera mwayi wotenga pathupi pambuyo pake. Kumupatsa depo ndi chiyembekezo chakuti chiberekero chipume ndi kumutayitsa chaka chimene sangachibweze. Choyenera ndi kumupatsa zochepetsa ululu pa masiku a msambo, kuyeza umuna wa mwamuna wake, kumujambula sikani yodzera kumaliseche ndi kuona ngati machubu ali otseguka. Kuyeza bamboyo kuyenera kutsogola, chifukwa n'kotsika mtengo, sikupweteka, ndipo si chilungamo kung'amba mkazi pamimba pamene vuto lina lili kwa mwamuna. Tinene kuti umuna wapezeka uli bwino ndipo sikani yaonetsa endometiriyoma ya masentimita 5 kumanzere. Apa opaleshoni ili ndi malo, chifukwa pali ululu, chotupa ndi kusabereka pamodzi. Pa laparosikopi dokotala amadula kapena kutentha timinofu tooneka, amamasula zomatana, amasenda khungu la chotupacho, ndipo amathira mankhwala a mtundu kudzera m'chiberekero kuti aone ngati akutulukira m'machubu.

Mmene chotupacho chachotsedwera ndi nkhani yofunika. Kungochiboola ndi kukhetsa madzi ake n'kosavuta, koma chimadzazanso msanga. Kusenda khungu lake lonse kumachepetsa kubwerera ndipo kumapereka mwayi wokulirapo wa pathupi, koma kumachotsanso mazira ena abwino, makamaka dokotala akatentha kwambiri poletsa magazi. Mkazi amabadwa ndi mazira ake onse ndipo sapanga ena, choncho opaleshoni yachiwiri ndi yachitatu pa thumba lomwelo imatha kulisiya louma. N'chifukwa chake opaleshoni yoyamba iyenera kuchitidwa ndi manja odziwa, ndipo kuchotsa thumba lonse la mazira mwa mtsikana chifukwa chotupa chaoneka choopsa kuyenera kupewedwa pokhapokha pali chifukwa chenicheni, monga kukayikira khansa. Matenda akalowa mozama pa thumbo kapena pa njira ya mkodzo yochokera ku impso, pamafunika gulu la madokotala a ziwalo zimenezo, chifukwa kuboola thumbo mosazindikira kungaphe munthu, ndipo njira ya mkodzo ikafinyika impso imatha kufa mwakachetechete. Wochita opaleshoni pa chimodzi mwa zipatala za maboma amene watsegula pamimba n'kupeza zonse zitamatana achita bwino kulemba zimene waona, kutenga kachidutswa kokayeza, kutseka ndi kutumiza, kusiyana ndi kulimbana nazo yekha.

Opaleshoni ikatha, mayi wofuna mwana asapatsidwe mahomoni, koma alangizidwe kuyesa msanga, chifukwa mwayi umakhala waukulu m'chaka choyamba. Chakacho chikadutsa, kapena machubu onse atapezeka otsekeka, chotsala ndi njira yokumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi, imene mabanja ambiri sangaikwanitse, ndipo ichi n'chifukwa chinanso chotetezera machubu ndi mazira nthawi ikadalipo. Mayi amene sakufuna pathupi ayambe mahomoni akangochira n'kuwapitiriza miyezi 18 mpaka 24 kapena kuposerapo, chifukwa popanda zimenezi matendawa amabwerera mwa amayi pafupifupi 40 mpaka 50 mwa 100 alionse pa zaka 5. Kuchotsa chiberekero n'kwa amene anamaliza kubereka ndipo zina zonse zakanika. Ngakhale pamenepo si chitsimikizo cha kuchira, pakuti matendawa amakhala kunja kwa chiberekerocho, ndipo timinofu tikasiyidwa ululu umatha kupitirira. Kuchotsa matumba onse a mazira kumamusiyitsa mayi kusamba nthawi isanakwane, zimene zimaika mafupa ndi mtima wake pachiopsezo.

Chimene ndikupempha choyamba ndi chiganizo chimodzi m'malangizo a dziko a kaperekedwe ka mankhwala ndi pa tchati cha matenda opatsirana pogonana chimene chimapachikidwa pakhoma: mayi amene walandira mankhwala okwanira a kuwawa kwa m'munsi mwa mimba, mwamuna wake nayenso walandira, koma wabwereranso ndi ululu womwewo popanda kutentha thupi kapena chikazi chachilendo, asapatsidwenso maantibayotiki asanafunsidwe za msambo wake, za ululu pogonana ndi pochita chimbudzi, za masiku amene amajomba kuntchito kapena kusukulu, ndi za nthawi imene wakhala akufuna pathupi. Chiganizo chimenechi chidzatetezanso mankhwala athu, chifukwa kumwetsa maantibayotiki mobwerezabwereza kwa munthu amene alibe tizilombo kumalimbitsa tizilombo tosamva mankhwala. Zomwezi ziphunzitsidwe ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, ku koleji ya zaumoyo ya muno mu Lilongwe ndi m'sukulu za anamwino za mipingo, popeza odwala ambiri amaonedwa ndi anamwino ndi othandiza madokotala, osafika kwa dokotala wa amayi. Alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi aphunzitsi achizimayi auzidwe kuti mtsikana wojomba mwezi uliwonse chifukwa cha msambo afunika kuonedwa kuchipatala.

Ndikupemphanso kuti pa zipatala za maboma pakhale anthu ophunzitsidwa sikani yodzera kumaliseche, ndipo pa zipatala zazikulu za Kamuzu, Queen Elizabeth, Zomba ndi Mzuzu pakhale tsiku lodziwika loonera amayi a ululu wa m'chinena ndi kusabereka, lokhala ndi zida za laparosikopi zimene zili ndi bajeti yokonzera zikawonongeka. Lupu ya mahomoni ndi mapiritsi a pulojesiteroni zigulidwe ngati mankhwala a matenda a amayi, kuti zisamadalire ndondomeko ya zakulera yokha. Endometiriyosisi ikhale ndi mzere wake m'kaundula wa odwala ndi m'malipoti a mwezi, kuti woganiziridwa ndi wotsimikizidwa aziwerengedwa. Kalata yotumizira wodwala izinena mankhwala a mahomoni amene anayesedwa, kwa miyezi ingati, ngati mwamuna anayezedwa, ndi ngati mayiyo akufuna pathupi, ndipo dokotala wa ku chipatala chachikulu azilemba m'buku la mayiyo zimene anapeza pa opaleshoni ndi mankhwala oti apitirize, kuti namwino wa pa chipatala chaching'ono amene adzamulandire akabwerera kwawo adziwe poyambira.

Ine wanu pa ntchito yotumikira odwala,

Namwino ndi mzamba,
Lilongwe